Nsomba imodzi, zikho ziwiri: makalata a ku Dwangwa pa zolemba manambala m'mawu

WOULUTSA: Ino ndi nthawi ya mafunso ndi mayankho. Pakhomo pano tili ndi aphunzitsi athu amene anagwira choko zaka zambiri m'makalasi a ana aang'ono kufikira anapuma. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Nkhunga, ku Dwangwa, amene amasamalira ana pa sukulu ya mkombaphala. Akuti: "Ndinakonzera ana pepala lophunzirira kuwerengera. Ndinajambula nsomba, pambali pake n'kulemba nambala, ndiponso mawu ake monga ndinawaonera pa tchati china: chimodzi, ziwiri, zitatu, mpaka khumi. Tsono mwana wina atapita nalo kwawo, agogo ake anaseka nati, Kodi nsomba chimodzi ndi chilankhulo cha kuti? Ndachita manyazi. Ndinalakwa pati?" Bambo aphunzitsi, bwalo ndi lanu.

APHUNZITSI: Zikomo, bambo. Poyamba ndiwapepese mayiwo, pakuti safunsa anadya phula, ndipo iwo afunsa. Agogo aja anaseka moona, koma tchati chimene mayi anakopera sichinanamenso ayi. Nkhani yake ili apa: m'Chichewa manambala asanu oyambawo sayenda okha monga ayendera m'zilankhulo zina, koma ali ngati mwana amene avala nsalu ya kubanja kumene wagona, popeza tsinde lake silisintha, ndilo modzi, wiri, tatu, nayi ndi sanu, koma mutu wake utsata dzina la chinthu chowerengedwacho. Makolo athu anatisiyira umboni m'miyambi iwiri imene mwana aliyense aidziwa: mutu umodzi susenza denga, ndipo chala chimodzi sichiswa nsabwe. Nambala ndi yomweyo, koma pa mutu yavala u, pa chala yavala chi. Ndipo tikapitirira tipeza munthu mmodzi, dzira limodzi, nsomba imodzi, kambuzi kamodzi. Wolemba tchati uja, posowa chinthu choti awerenge, anawerenga zinthu chabe, chinthu chimodzi, zinthu ziwiri, ndipo sanachimwe; koma pamene mayi anaika nsomba pambali pa mawuwo, anakwatitsa mawu a banja lina kwa dzina la banja lina.

Chimene chinabisa cholakwacho ndi ichi, kuti nsomba zikachuluka zivomerezana ndi tchaticho: nsomba ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, zonsezo n'zoona. Pa mizere khumi ya pepala lawo, yolakwa ndi iwiri yokha, woyamba ndi wachisanu ndi chimodzi, pakuti pa 6 mawu otsiriza abwerera ku chinthu chimodzi, ndipo tiyenera kulemba nsomba zisanu ndi imodzi, osati zisanu ndi chimodzi. Pamenepa ndipo agwa ambiri, ngakhale aphunzitsi a satifiketi. Chomwechonso titi mitengo isanu ndi umodzi, ana asanu ndi mmodzi, mazira asanu ndi limodzi. Pa 7, 8 ndi 9 njira iwongokanso, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi. Ndipo khumi, popeza lili dzina palokha, silivala nsalu ya wina aliyense, koma tingoti nsomba khumi, ana khumi, mitengo khumi.

WOULUTSA: Nanga pepalalo aling'ambe?

APHUNZITSI: Iyayi, akonze mizere iwiri ija basi. Koma pokonza lina mawa, ndiwapempha achite motere. Asankhe chinthu chimodzi chokha cha pepala lonse, asasakanize nsomba pamzere uwu, mango pamzere uwo, mitengo pamzere winawo, chifukwa mwana wa zaka zisanu, amene angoyamba kumene kuzindikira maonekedwe a mawu, akaona iwiri lero, awiri mawa, ziwiri mkuja, adzayesa kuti ndi manambala atatu osiyana, ngakhale pakamwa pake amawanena onsewo mosaphonya. Ngati afuna kuti pepala lifanane ndi tchati cha pakhoma, ajambule chinthu cha chi ndi zi, monga chikho ndi zikho, kapena chipewa ndi zipewa. Ndipo dzina la chinthucho alilembe pamzere uliwonse, zikho zitatu, osati zitatu pokha, kuti khutu la mwana limthandize diso. Chinanso chimene ndinachiphunzira mochedwa, ndipo ndikadachidziwa kale ndikadapulumutsa misozi yambiri, ndicho kujambula zithunzi m'magulu a zisanuzisanu: pa 7 ajambule zikho zisanu pamodzi, asiye kampata, kenaka ziwiri, kuti chimene mwana achiona papepala ndi chimene achinena pakamwa zikhale chinthu chimodzi, monga dzanja lathunthu ndi zala ziwiri za dzanja linalo.

WOULUTSA: Mayi a ku Nkhunga, mwamva. Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo wina wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa komweko. Akuti: "Mwana wanga ali mu Sitandade 2, ndipo ndinafuna kumlembera manambala onse m'mawu kufikira 100. Ndinajambula ana a sukulu pamwamba pa pepala kuti aziwerenga iwo. Nditafika pa 70 ndinadabwa kuona kuti ndalemba makumi asanu ndi awiri, mawu amene ndinawalemba kale pa 52. Kodi Chichewa chathu n'choperewera?"

APHUNZITSI: Bambo amenewa ali ndi maso, ndipo apeza okha dzenje limene ine ndinagwamo ndili mnyamata. Pa sukulu ina imene ndinayambira ntchito, ndinalemba kalata yopempha mabuku a ana a m'kalasi langa, ndipo pofuna kuoneka wodziwa kulemba ndinasiya nambala, n'kulemba kuti mabuku makumi asanu ndi awiri, mumtima ndikuti 70. Koma wolandira kalatayo, amene mwina anaona kuti nkhokwe yake njochepa, anatumiza 52, ndipo sindinathe kumtsutsa, pakuti mawu anga ananyamula zonse ziwiri.

Chiyambi cha msokonezowu nachi. Popeza tiwerenga ndi zisanu, makumi nawonso awerengedwa chomwecho: 60 ndi makumi asanu ndi limodzi, ndiko kuti khumi limodzi loonjezera, 70 ndi makumi asanu ndi awiri, 80 ndi makumi asanu ndi atatu, 90 ndi makumi asanu ndi anayi. Tsono chinthu chowerengedwa chikakhala cha banja lotenga a, monga ana, mabuku, mazira kapena matumba, womva sadziwa ngati awiriwo ali ana awiri kapena makumi awiri, kotero kuti 52 afanana ndi 70, 53 ndi 80, 54 ndi 90; ndipo pa mazira ndi mabuku, amene chimodzi chake titi limodzi, 51 afanananso ndi 60. Pa nsomba kapena zikho vutoli palibe, chifukwa mutu wa mawu uulula. Inu a kunyanja mukumbukira nsomba 153 za m'khoka lija la pa Yohane 21: tikati nsomba zana limodzi ndi makumi asanu ndi zitatu, tanena zoona, koma wolemba akangotembenuza zitatu kukhala atatu, waonjezera nsomba 27 zimene asodziwo sanazikoke, pakuti zasanduka 180.

Koma chilankhulo sichinaperewere, pakuti akuluakulu anali nawo mawu awiri otsekera mpata umenewu, ndiwo mphambu ndi kudza, amene achinyamata a masiku ano awasiya m'mabuku a kutchalitchi. Lamulo limene ndikuwapatsa bambowa ndi ili: mawu akuti ndi awasunge a m'kati mwa gulu, koma podumpha kuchoka pa makumi kunka pa zotsala alembe mphambu. Motero 52 akhala ana makumi asanu mphambu awiri, 70 akhala makumi asanu ndi awiri, 72 akhala makumi asanu ndi awiri mphambu awiri, ndipo 66, amene popanda mankhwala amenewa akhala mndandanda wa ndi wosatha, akhala ana makumi asanu ndi limodzi mphambu asanu ndi mmodzi. Ayambe nalo lamuloli pa 21 pomwe, ngakhale pamenepo palibe chosokoneza, kuti mwana akafika pa 51 apeze kuti mphambu ndi mnzake wakale. Pa 11 kufikira 19 angathe kusiya khumi ndi mmodzi, khumi ndi awiri, monga tinenera tonse.

Ndioonjezere za kalembedwe, popeza mwana akopera zimene aona. Tilemba khumi, koma makumi, popanda h, monga khasu ndi makasu, phiri ndi mapiri, thumba ndi matumba. M'mabuku akale, monga Buku Lopatulika la 1922, mudzapeza anai, pamene mabuku a sukulu a lero alemba anayi. Atsate a lero, ndipo asasinthesinthe pakati pa pepala. Akamaliza, apinde mbali ya manambala, apereke pepala kwa mayi a kunyumba kapena kwa mnansi, kuti iwo awerenge mawu okha ndi kulemba nambala imene amva. Paliponse pamene nambala yawo yasiyana ndi ya bambo, pamenepo ndi pokonza.

WOULUTSA: Koma bambo aphunzitsi, kufikira 100, si katundu wolemera kwa mwana?

APHUNZITSI: Wolemera ndithu, ndipo ndinati ndinene. Taonani 99: makumi asanu ndi anayi mphambu asanu ndi anayi, mawu asanu ndi atatu pa nambala imodzi, ndipo mwana wa Sitandade 2 akawakopera onsewo dzanja lidzatopa mutu usanaphunzire kanthu. Ine ndikadalemba onse kufikira 20, kenaka makumi okhaokha kufikira zana, n'kusankhapo manambala asanu kapena asanu ndi limodzi oti mwana amange yekha.

WOULUTSA: Yotsiriza njaifupi, yochokera kwa mlongo wina wa ku Dwambazi. Akuti ana ake kunyumba amati vinkhondi ndi chumi, kumsika amati faifi ndi teni. Papepala alembe ziti?

APHUNZITSI: Kumeneko ndi kumalire a Achewa ndi Atonga, ndipo mwana wonena vinkhondi sanalakwe, wanena Chitonga chabwino, chimenenso chiwerenga ndi zisanu monga ife. Faifi ndi teni ndi mawu a ndalama ndi a wotchi, ndipo ine ndemwe ndikakwera minibasi sinditchula mtengo ndi mazana ndi zikwi. Achemwali alembe mzere wa Chichewa wathunthu, ndipo ngati pepala lili ndi malo, aike mzere wa Chitonga pambali pake ndi mutu wakewake. Chimene ndikuletsa n'kusakaniza mumzere umodzi, kuyamba ndi chimodzi, ziwiri, n'kudumphira ku sikisi pamene mawu atalika, monga ndaonera pa mapepala ambiri.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, omvera. Kalata ya bambo a ku Liwaladzi, ofunsa za kalembedwe ka ziro ndi ka theka, tidzayamba nayo sabata yamawa.