Makalata a Omvera: Moni wa Assalamu Alaikum

Kalata yotsatira yachokera kwa mayi wina wa ku Balaka, amene wakwatiwa m'banja la Chisilamu ku Mangochi. Akuti apongozi awo akawapatsa moni wa Chiarabu, iwo amangomwetulira chifukwa sadziwa choyankha.

Mayi, zikomo polemba. Mawu akuti Assalamu alaikum amatanthauza kuti mtendere ukhale pa inu. Salamu ndiye mtendere, alaikum ndiye pa inu. Ndiye kuti apongozi anuwo sakufunsa za mmene mwadzukira ayi, akukupemphererani. N'chifukwa chake kuyankha kuti ndili bwino sikugwirizana nazo.

Yankho lake ndi Wa alaikumus-salam, kutanthauza kuti nanunso mtendere ukhale pa inu. Ambiri amalakwitsa pongobwereza mawu a wopereka moniyo. Mutembenuze: yambani ndi wa alaikum, salamu abwere pambuyo.

Tsono mvetserani bwino, chifukwa moniwu umatalika. Qur'an, pa Sura 4 ndime 86, imalamula kuti moni ubwezedwe ndi wabwino koposa, kapena wofanana nawo. Choncho apongozi akawonjezera wa rahmatullah, kutanthauza ndi chifundo cha Mulungu, inu musabweze zoperewera. Nenani Wa alaikumus-salam wa rahmatullahi wa barakatuh. Mawu omalizawo ndi akuti ndi madalitso ake. Lilime limapindika poyamba, ine ndemwe linandivutapo, koma limazolowera.

Mwafunsanso ngati Mkhristu angayankhe. Angathe ndithu. Ngakhale apongozi ali okha, nenanibe alaikum, monga ife timanenera inu kwa wamkulu. Mawa m'mawa, mayi, yambani ndinu kuwapatsa moni.