Mmene mungawerengere phindu la dambo la Elephant Marsh m'makwacha

Wolemba lipoti akatumidwa kwa Lundu kuti akapeze phindu la dambo la Elephant Marsh m'makwacha, chiyeso choyamba chimamugwera asanatsike n'komwe pa Thabwa. Amatenga chiwerengero cha phindu la hekitala imodzi kuchokera ku kafukufuku wa kunja, monga wa Robert Costanza ndi anzake wa mu 1997, n'kuchulukitsa ndi mahekitala oposa 61,000 omwe analembedwa pamene damboli linkalowa m'pangano la Ramsar mu 2017. Umenewo ndi ulesi. Dambo ili limatupa Shire ndi Ruo zikasefukira, n'kuphwa m'chilimwe, ndipo hekitala ya bango siilingana ndi hekitala ya dimba.

Zokonzekera n'zodziwika: kuonekera kwa mfumu, kucheza ndi alangizi a zausodzi ndi makomiti a m'madoko, kenaka kulemba zomwe anthu amapezamo, monga nsomba, mbewu za kudimba, msipu, bango, mlaza ndi nyika. Anyamule sikelo, chifukwa pa doko nsomba amagulitsa pa mulu kapena pa beseni. Mafuta, bwato ndi ofunsa mafunso atatu kwa sabata ziwiri zingadye makwacha mamiliyoni angapo, ndipo ulendowo uchitike kawiri, m'dzinja ndi m'chilimwe.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa mtengo. Amafunsa mtengo wa mlamba wowamba mu msika wa Limbe, n'kuutcha phindu la dambo. Ayi. Mu mtengo umenewo muli nkhuni zowambira, thiransipoti, chiphaso cha msika ndi phindu la wogulitsa. Mtengo wofunika ndi wa pa doko, nsomba ikadali yaiwisi, ndipo pa mtengowo achotsepo zonse zomwe msodzi walowetsa.

Tiyerekeze ndi ziwerengero zongopeka. Msodzi agwira makilogalamu 5 pa tsiku, masiku 150 pa chaka, onse pamodzi 750. Pa K3,000 kilogalamu imodzi, ndi K2,250,000. Achotsepo K250,000 ya maukonde. Bwato la K400,000 lokhala zaka zinayi ndi K100,000 pa chaka. Achotsenso thukuta la msodziyo: akanapita ku ganyu wa K5,000 pa tsiku akanapeza K750,000. Yotsala ndi K1,150,000, ndipo imeneyo ndiyo mphatso ya dambo. Wogwiritsa mtengo wa m'tauni wa K7,000 osachotsapo kanthu alemba K5,250,000, kuposa kanayi. Akachulukitsa ndi asodzi onse, bodzalo limakula nawo.

Achotse zolowa. Pa chimanga cha kudimba achotse mbewu ndi ganyu, pa mphasa achotse masiku odula bango ndi kuluka. Wofulumira amadumpha apa chifukwa chiwerengero chachikulu chimakondweretsa omwe anamutuma.

Kulakwa kwina kumatsitsa chiwerengero. Akafunsa kuti "Bambo, munagulitsa zingati?" sadzamva za mphende zomwe zinapita m'poto kapena zomwe anasinthanitsa ndi ufa. Afunse zomwe zinagwidwa, ndipo zodyedwa pakhomo aziike pa mtengo womwewo wa pa doko. Asawerengenso chinthu kawiri: akalemba chimanga cha kudimba, asaonjezepo mtengo wa chinyontho ndi nthaka yobwera ndi madzi osefukira, popeza zili kale m'chimangamo. Ng'ona zogwira anthu, mvuu zodya mbewu, malungo ndi likodzo nazo zilembedwe, ku mbali ya zotayika.

Tsono pali zomwe kwacha imalephera. Nyika ndi yotchipa kwambiri, pa tebulo la ziwerengero singaoneke n'komwe, koma chaka cha njala mabanja a ku Chikwawa ndi Nsanje amapulumukira yomweyo. Dambo limasunga madzi osefukira, komabe popanda kuyeza kayendedwe ka madziwo palibe anganene nyumba zingati zomwe linateteza mu Januwale 2015 kapena pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndipo wofunsa Mmang'anja kuti angalipire zingati kuti kachisi wa Mbona ku Khulubvi asungike wafunsa chipongwe. Anthu osauka akafunsidwa zomwe angalipire amatchula zochepa chifukwa m'thumba mulibe, osati chifukwa chinthucho n'chopanda pake.

Choopsa n'chakuti chiwerengero chikangolembedwa, wina adzachiika pambali pa phindu la hekitala ya nzimbe ku Nchalo, ndipo nzimbe zikhoza kupambana. Choncho lipoti lionetse yemwe amadya phindulo: mabanja angati, amayi kapena abambo, miyezi iti. Lipereke chiwerengero chotsika ndi chokwera, litchule mwezi ndi chaka cha mitengoyo popeza kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zosawerengeka zilembedwe m'mawu pa tsamba loyamba lomwelo. Lipoti lopereka nambala imodzi yokha libwezedwe kwa mwini wake.