Phunziro la Ana Aang'ono: Kuwerenga Kufikira 5

Ana a zaka 4 kapena 5 sakhoza kukhala cete nthawi yaitali. Cifukwa cace phunziro lao lisapitirire mphindi 30, ndipo ligawidwe patatu.

Poyamba aimbe nyimbo yoidziwa kale, mphunzitsi alikutsogolera, ana nabvomereza ndi kuomba m'manja. Atatha kuimba asewere pamthunzi: mphunzitsi alembe mizere 5 padothi, ndipo mwana aliyense ailumphe, nachula nambala imodzi pa mzere umodzi.

Potsiriza akhale pamphasa, yense ndi zitsononkho 5. Nyemba ndi timiyala siziyenera, pakuti ana amaziika m'kamwa kapena m'mphuno. Mwana akhudze citsononkho cimodzi pa liu limodzi: cimodzi, ziwiri, zitatu, zinai, zisanu.

Koma mwana angathe kuchula mau onsewa pamtima osadziwa kuwerenga. Pomuyesa mphunzitsi anene kuti, “Ndipatse zitatu.” Akapereka zitatu naleka, wazindikira, akangotapa zambiri, ayambenso ndi ziwiri. Mphunzitsi asafulumire kupitirira 5, popeza m'Cinyanja 6 ndiyo zisanu ndi cimodzi, ndipo mwana wosagwiritsa zisanu adzasowa poyambira.