Kodi tsiku lomalizira ntchito ndilinene bwanji?

Funso: Ndikuyang'anira ntchito yomanga chipinda chophunzirira. Mabwana akufuna tsiku lomalizira lodalirika. Ndiwauze chiyani?

Yankho: Gawo lililonse mulipatse masiku atatu: zikayenda bwino, mwachizolowezi, ndi zikavuta. Tinene kuti maziko ndi 10, 12, 20. Makoma 20, 25, 35. Denga 8, 10, 25.

Mukaphatikiza masiku achizolowezi mupeza 47, koma musalonjeze pamenepo. Njira ya Monte Carlo imauza kompyuta kuti isankhe masiku mwamaere pakati pa malirewo, makamaka oyandikira achizolowezi, n'kuphatikiza, kambirimbiri. Pa nambala zathuzi, maulendo otha m'masiku 47 safika 10 pa 100 alionse, chifukwa mpata wochedwa ndi waukulu kuposa wofulumira. Pafupifupi maulendo 80 pa 100 amatha m'masiku 60. Tsiku limeneli limatchedwa P80, ndipo ndi lomwe mungawauze mabwana.

Kuti mudziwe chokuchedwetsani kwambiri, jambulani chithunzi cha tonado. Sinthani gawo limodzi kuchoka pa masiku ochepa kufika pa ochuluka, ena osawakhudza, muone mmene tsiku lomalizira likusunthira. Denga likusuntha masiku 17, makoma 15, maziko 10. Gawo lililonse mulijambulire mzere wopingasa wa masiku amenewa, ndipo mizereyo muisanje wautali pamwamba. Apa denga ndilo lili pamwamba, choncho itanitsani malata msanga.

Chenjerani ndi mvula. Imachedwetsa magawo onse pamodzi, ndipo mukapanda kuiuza kompyuta zimenezi, P80 idzatuluka yochepa kuposa zenizeni.