Mabokosi opanda yankho: tichotse mzere kapena tiikemo nambala?

Aliyense amene anayendapo ndi pepala la mafunso amadziwa kuti pobwerera mabokosi ena amakhala opanda kanthu. Wina sanayankhe, wina anayankha theka, pepala lina linanyowa. Ukafika pa kompyuta, pali njira ziwiri: kuchotsa mzere wonse wa munthuyo, kapena kuikamo nambala yoyerekeza. Ine ndimati musanagwire njira iliyonse, yambani mwafunsa kuti: bokosili lilibe yankho chifukwa chiyani? Lero ndikuwonetsani, ndi manambala, kuti yankho la funsoli ndi limene limasankha njira.

Tiyeni tipite ku Thyolo, kumene kuli maesiteti a tiyi monga Satemwa, Conforzi ndi Makandi. Kumeneko masamba a tiyi amachuluka kwambiri nthawi ya dzinja, ndipo maesiteti amalemba anthu owonjezera ogwira ntchito ya nyengo yokhayo. Wothyola akadzaza dengu amapita nalo pasikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu ake m'buku. Ndiye tiyerekeze kuti gulu lanu la sayansi lafunsa othyola tiyi 10 pa esiteti ina kuti dzulo anathyola makilogalamu angati. Manambalawa ndawakonza ndekha kuti tiphunzirirepo.

Okhazikika pantchito (anthu 5): 60, 55, 65, 60, 60
A nyengo ya dzinja (anthu 5): 40, 30, palibe, palibe, palibe

Choyamba: si bokosi lililonse lopanda kanthu lomwe ndi mpata

Musanawerengetse chilichonse, siyanitsani ziro ndi kusowa kwa yankho. Munthu amene anapita kumunda koma sanathyole kanthu ali ndi 0, ndipo 0 ndi yankho lenileni. Munthu amene anathyola koma sanatiuze alibe yankho. Mu Excel, `=AVERAGE(C2:C11)` imadumpha mabokosi opanda kanthu koma imawerengera maziro. Mukalemba 0 m'mipata itatu ija, avereji itsika kufika pa 37, ngati kuti anthu atatu anakhala pansi tsiku lonse.

Chenjeraninso ndi manambala ongoimira mpata. Ochita kafukufuku ena amalemba 99 kapena 999 posonyeza kuti munthu sanayankhe. Ngati 99 yatsala m'mipata yathu, kompyuta iiona ngati makilogalamu, ndipo avereji ikwera kufika pa 66.7, kuposa ngakhale katswiri wathu wa 65 uja. Avereji ikaposa yankho lalikulu lomwe munamva ndi makutu anu, dziwani kuti penapake pabisala 99.

Njira yochotsa mizere

Tikachotsa anthu atatu aja, titsala ndi 7. Makilogalamu awo onse ndi 370, ndipo 370 kugawa ndi 7 ndi 52.9. Masamu ali bwinobwino, koma taonani amene atsala. Poyamba theka la anthu athu anali a nyengo. Pano atsala awiri okha mwa 7. Gulu lomwe limathyola pang'ono lachepetsedwa mawu, ndiye avereji yapendekera kwa akatswiri.

Kodi ndiye kuchotsa n'koipa nthawi zonse? Ayi. Tinene kuti munafunsa anthu 200, mvula n'kunyowetsa mapepala 4 omwe anali pamwamba m'chikwama. Mvula sinasankhe kuti uyu ndi katswiri, uyu ndi watsopano. Anthu 196 otsalawo akufananabe ndi gulu lonse, ndipo mwangotaya awiri pa 100 alionse. Apa chotsani popanda nkhawa. Kuchotsa kumayenda bwino pakakhala zinthu ziwiri limodzi: mipata ndi yochepa, komanso inabwera mwangozi. Njira yodziwira ndi yapafupi: werengani mipata gulu ndi gulu, pogwiritsa ntchito `=COUNTBLANK(C2:C6)` kwa okhazikika ndi `=COUNTBLANK(C7:C11)` kwa a nyengo. Kwa ife yankho ndi 0 ndi 3. Mipata yonse yaunjikana mbali imodzi, ndiye si ngozi imeneyi.

Njira yodzaza mipata

Ambiri amathamangira kuika avereji ya onse, 52.9, m'mipata yonse itatu. Tebulo limaoneka lodzaza, mtima n'kukhala pansi. Koma werengetsaninso: avereji ikadali 52.9, vuto lomwe lija silinasunthe. Chowonjezera n'chakuti tapatsa othyola atsopano nambala yomwe anzawo awiri sanaiyandikire n'komwe.

Njira yabwinopo ndi kufunsa kuti osowawa akufanana ndi ndani. Tinene kuti tapeza chifukwa chake: a nyengo ankathyola munda wakutali, ndipo atatuwa anakwera thirakita funso lomaliza lisanafike. Thirakita sinawatenge chifukwa cha makilogalamu awo; inangotenga anthu a gulu limenelo. Ndiye anzawo awiri angathe kuwaimira. Avereji ya 40 ndi 30 ndi 35. Tikaika 35 katatu, makilogalamu onse akhala 475, avereji n'kukhala 47.5. Yatsika ndi makilogalamu oposa 5 poyerekeza ndi 52.9 ija, chifukwa gulu lililonse labwerera pa theka lake.

Komabe njirayi ili ndi mtengo wake. Anthu atatu sangathyole 35, 35, 35 ndendende. Kudzaza kotere kumachititsa kuti anthu azioneka ofanana kuposa mmene alili. Komanso 35 yathu yaima pa anthu awiri okha, ngati mpando wa miyendo iwiri. N'chifukwa chake akatswiri amadzaza mipata kangapo ndi manambala osiyanasiyana oyenerera gululo, n'kuona mmene yankho likusinthira. Amene anayambitsa njira imeneyi ndi Donald Rubin wa ku Amereka, yemwenso mu 1976 anafotokoza mwamasamu kuti chifukwa chimene deta yasowera ndi chimene chimalamula zoyenera kuchita nayo.

Pamene njira zonse ziwiri zikulephera

Tsopano tisinthe chifukwa. Bwanji ngati atatuwa anamva funso bwinobwino, koma anakhala chete poopa kuti nambala yawo yochepa ifika kwa kapitawo, n'kusadzalembedwanso chaka chamawa? Apa mpata wabwera chifukwa cha nambala yomwe ikusowayo. Kuchotsa kupereka avereji yokwera. Kuika 35 kuperekanso yokwera, chifukwa awiri omwe anayankha ndi amene analibe chobisa. Choopsa n'chakuti tebulo palokha silingakuuzeni zimenezi: la thirakita ndi la manthali amaoneka chimodzimodzi. Chingakuuzeni ndi zimene wofunsa analemba m'mbali mwa pepala, monga "anachoka" kapena "anakana".

Zikatero pali zochita ziwiri. Yoyamba ndi kubwerera kukafunsanso munthuyo payekha, mutamutsimikizira kuti dzina lake silituluka. Ngati akanabe, ndi ufulu wake; musapite mwamseri kukasuzumira buku la kalaliki. Yachiwiri ndi kupereka malire m'malo mwa nambala imodzi. Ngati aliyense mwa atatuwa anathyola 20, avereji ndi 43. Ngati anathyola 40, ndi 49. Ndiye mu lipoti mulembe kuti avereji ili pakati pa 43 ndi 49, ndipo munene kuti malirewo munawasankha nokha. Lipoti lonena 52.9 lingapangitse wowerenga kuganiza kuti wothyola wamba amakwanitsa zambiri kuposa zenizeni, ndipo wovutika nazo angakhale wofooka yemwe anakhala chete uja.

Njira iliyonse yomwe mwasankha, sungani tebulo loyambirira osalikhudza, ikani chizindikiro pa nambala iliyonse yomwe mwadzaza nokha, ndipo lembani kuti mipata inali ingati.

Yeserani izi: nambala 65 ija ikanasowanso chifukwa pepala linanyowa, mukanaikapo chiyani, ndipo avereji ya anthu 10 ikanakhala ingati?