Momwe Mungalondere Sitebulokoyini Isanatayane ndi Dola

Lachisanu pa 10 Malichi 2023 akuluakulu oyang'anira mabanki ku America adatseka banki ya Silicon Valley Bank. Usiku womwewo kampani ya Circle, yomwe imapanga ndalama ya kiripito ya USDC, idaulula kuti madola 3.3 biliyoni mwa madola pafupifupi 40 biliyoni omwe amaikira kumbuyo USDC adali m'banki imeneyo. Pofika Loweruka, USDC imodzi, yomwe imayenera kufanana ndi dola imodzi nthawi zonse, inkagulitsidwa masenti pafupifupi 88. Mabanki adali otseka, ndipo Coinbase idaimitsa kaye kusintha USDC kukhala madola mpaka Lolemba.

Ngati mumasunga ndalama zanu kapena za kampani mu sitebulokoyini, mufunika mlonda wosagona amene angakudzutseni mtengo ukangoyamba kupatuka, khomo lotulukira lisanatsekeke. Nazi njira zisanu ndi imodzi zomukonzera.

1. Yezani ndi dola yeniyeni

Ambiri amalakwitsa poyambira pomwe. Amayang'ana mtengo wa USDC pousiyanitsa ndi sitebulokoyini inzake, n'kumaganiza kuti akuyeza dola. Mu Malichi 2023 DAI idatsika limodzi ndi USDC chifukwa gawo lalikulu la chikole chake lidali USDC yomweyo. Munthu woyeza USDC ndi DAI akadaona mtengo uli pafupi ndi 1 pomwe zonse ziwiri zikumira. USDT nayo idakwera kupitirira dola chifukwa anthu ankathawira kumeneko, choncho muyezo wa `USDC/USDT` unkaonetsa kugwa kwakukulu pang'ono kuposa momwe kudaliri.

Sankhani misika yomwe USDC imagulitsidwa ndi madola a kubanki, monga Kraken ndi Bitstamp. Ku Kraken mtengo mumaufunsa chonchi:

```
curl "https://api.kraken.com/0/public/Ticker?pair=USDCUSD"
```

M'yankho lake, `b` ndi mtengo wa ogula ndipo `a` ndi mtengo wa ogulitsa. Tengani wa pakati pa iwiriyi. Musadalire `c`, womwe ndi mtengo wa malonda omaliza, chifukwa pamsika wazii malondawo akhoza kukhala akalekale.

Mtengo wa m'makwacha nawo si muyezo. Banki yaikulu ya Malawi itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chomwe chidasuntha ndi kwacha, osati sitebulokoyini.

2. Funsani magwero atatu, mukhulupirire wa pakati

Msika umodzi ukhoza kunama. Wina akagulitsa zambiri nthawi imodzi pamsika waung'ono, mtengo umagwa kwa masekondi ochepa n'kubwereranso. Choncho tengani mitengo ya m'magwero osachepera atatu mphindi iliyonse, muisanje kuyambira waung'ono, ndipo musankhe womwe uli pakati.

```python
from statistics import median
mtengo = median(mitengo)
kupatuka = abs(mtengo - 1) * 100
```

Tiyerekeze kuti mwalandira 0.9990, 0.9988 ndi 0.9700. Mukaphatikiza n'kugawa ndi 3 mupeza 0.9893, ndipo belu lilira kuti ndalama yagwa ndi peresenti yoposa imodzi. Koma wa pakati ndi 0.9988, kupatuka kwa 0.12 peresenti chabe. Vuto lili pamsika umodzi wokha. Tsiku lina mukalandira 0.9968, 0.9965 ndi 0.9990, wa pakati ndi 0.9968. Apa misika iwiri yagwirizana kuti mtengo wapatuka ndi 0.32 peresenti, ndipo wachitatuwo mwina wangotsalira m'mbuyo.

Gwero lachitatu lingakhale orakulo ya Chainlink, yomwe imalemba mtengo pabulokutcheni, koma dziwani khalidwe lake. Ya `USDC/USD` pa Ethereum imalemba mtengo watsopano pokhapokha wasintha ndi 0.25 peresenti, kapena patadutsa pafupifupi tsiku lathunthu. Ndiye kuti singakuuzeni za kupatuka kwakung'ono. Mukaitana `latestRoundData()`, gawani `answer` ndi 100,000,000 kuti mupeze madola, ndipo muone `updatedAt` kuti mudziwe nthawi yomwe mtengowo udalembedwa. Ku misika inayo, tayani mtengo uliwonse womwe wapitirira mphindi ziwiri usanafike watsopano.

3. Ikani malire atatu, aliwonse ndi nthawi yake

Sitebulokoyini zikuluzikulu zimagwedezeka pang'ono tsiku lililonse. Mukaika malire othina kwambiri belu lizilira usana ndi usiku, ndipo pakutha pa sabata mudzakhala mutalizolowera kapena kulitseka. Malire aliwonse akhale ndi zinthu ziwiri, kukula kwa kupatuka ndi kutalika kwa nthawi yomwe kwakhalapo. Pa USDC kapena USDT mungayambe motere.

Chenjezo loyamba lituluke kupatuka kukafika 0.3 peresenti n'kukhala mphindi zisanu. Ili ndi uthenga chabe, wa pa Telegram kapena imelo, wokuuzani kuti tsegulani maso. Lachiwiri lituluke kupatuka kukafika 1 peresenti kwa mphindi ziwiri, ndipo likhale foni yolira mpaka munthu ayankhe. Lachitatu ndi la 3 peresenti, ndipo ili lisadikire nthawi malinga ngati magwero awiri agwirizana.

Onjezerani muyezo wa liwiro. Mtengo ukatsika ndi 0.5 peresenti m'mphindi 15, imbani foni ngakhale malire achiwiri asanakwane. Yezaninso mbali zonse ziwiri, chifukwa sitebulokoyini ikakwera kupitirira dola kawirikawiri ndiye kuti anthu akuthawa inzake.

Kuzimitsa chenjezo kukhale kovutirapo kuposa kuliyatsa. Ngati limayaka pa 0.3, lizime pokhapokha kupatuka kwatsika pansi pa 0.15 kwa mphindi 30. Kupanda kutero, mtengo womwe ukuvinavina pamalire pomwepo ukutumizirani mauthenga osatha.

Manambala awa ndi poyambira chabe. Sungani mitengo ya mwezi wathunthu, muone momwe ndalama yanuyo imagwedezekera masiku abwinobwino, kenaka muike malire oyamba kunja pang'ono kwa pamenepo.

4. Yang'anani zizindikiro zomwe zimatsogola mtengo

Mtengo umatha kuchedwa kunena zoona. Pa Curve pali dziwe lotchedwa 3pool momwe muli DAI, USDC ndi USDT. Masamu ake adapangidwa kuti mtengo ukhale pafupi ndi 1 ngakhale ndalama imodzi itachulukirapo kuposa zinzake. Anthu akayamba kutaya ndalama ina, gawo lake m'dziwemo limakula kaye mtengo usanasunthe kwenikweni, ndipo ukadzayamba kugwa umagwa mothamanga. Mu Malichi 2023 anthu adathiramo USDC ndi DAI n'kutunga USDT mpaka idatsala pang'ono kutheratu. Werengani kuchuluka kwa ndalama iliyonse ndi `balances(0)`, `balances(1)` ndi `balances(2)`, pokumbukira kuti DAI ili ndi madesimo 18 pomwe USDC ndi USDT zili ndi 6. Gawo la ndalama imodzi likakwera mofulumira, mwachitsanzo kuchoka pa 35 kufika pa 55 peresenti m'maola ochepa, tumizani chenjezo loyamba ngakhale mtengo ukuoneka bwino.

Chizindikiro china ndi kuya kwa msika. Mtengo wa pasikirini ndi wa wogula woyamba yekha. Ngati muli ndi USDC 50,000, pulogalamu yanu iwerenge mndandanda wa ogula kutsika m'munsi mpaka 50,000 yonse ikwane, ikuuzeni madola omwe mungalandiredi. Ogula akayamba kuchotsa maoda awo, nambala iyi imagwa msanga kuposa mtengo wa pamwamba.

5. Gwirizanani zochita belu lisanalire

Belu limangonena kuti mtengo wapatuka, silinena chifukwa chake, ndipo chifukwacho ndiye mwini nkhani. Munthu yemwe adagulitsa USDC 10,000 pa masenti 88 Loweruka lija adataya madola 1,200. Lamulungu pa 12 Malichi boma la America lidalengeza kuti onse osunga ndalama m'banki ija adzalandira ndalama zawo zonse, ndipo pofika Lolemba USDC idabwerera pafupi ndi dola. Yemwe adadikira sadataye kanthu.

Koma yemwe adadikira ndi UST ya Terra mu Meyi 2022 adatsala manja lende. Idayamba ndi kupatuka kwa senti imodzi kapena masenti awiri cha pa 7 ndi 8 Meyi, pa 9 Meyi idagwa kwambiri, ndipo pakutha pa sabatayo idali itatsikira pansi pa masenti 20, osadzabwereranso. UST idalibe madola kubanki. Inkadalira kusinthidwa ndi LUNA, ndalama ina ya gulu lomwelo, yomwe nayo inkagwa anthu akamathawa.

Choncho chenjezo lachiwiri likalira, woyankha afunse mafunso atatu. Kodi chikole cha ndalamayi n'chiyani, ndipo chili kuti? Kodi kampani yoipanga ikubwezabe dola pa ndalama iliyonse? Nanga msika womwe mumagwiritsa ntchito ukulolabe kugulitsa ndi kutapa? Ngakhale wina aganize kuti madola onse 3.3 biliyoni a Circle apita, adali pafupifupi 8 peresenti ya chikole chonse, kutanthauza masenti 92 otsala pa USDC iliyonse. Masamu oterewa sakadatheka pa UST.

Lembani pasadakhale kuti ndani ali ndi mphamvu yogulitsa, gawo lanji, kudzera pamsika uti. Ngati mumalandira malipiro mu sitebulokoyini, chochita choyamba pa chenjezo lachiwiri ndi kuimitsa kulandira pamtengo wa dola yathunthu. Ngati mudatenga ngongole ya kiripito n'kupinyolitsa sitebulokoyini, uthengawo unene mtengo womwe chikole chanu chidzalandidwire. Uthenga uliwonse ukhale ndi dzina la ndalama, mtengo wa pakati, mitengo ya magwero onse, nthawi yomwe kupatuka kwatenga, ndi madola omwe mungalandire mutagulitsa tsopano.

6. Londerani mlondayo, mumuyesenso

Tsiku la chipwirikiti ndi lomwe misika imadzaza, mayankho n'kumachedwa kapena kukanidwa. Pulogalamu yosalandira mitengo imangokhala chete, inu n'kumati zonse zili bwino. Magwero amoyo akatsala osakwana awiri kwa mphindi zitatu, chimenecho chikhale chenjezo pachokha. Komanso pulogalamuyo izitumiza chizindikiro mphindi iliyonse ku seva ina yosadalira yanuyo, ndipo sevayo ikuimbireni chizindikirocho chikasiya kufika. Musaiyendetse pa kompyuta ya kunyumba yomwe imazima magetsi akathima.

Pomaliza, tengani mitengo yakale ya USDC ya pa 10 mpaka 13 Malichi 2023 ndi ya UST ya pa 7 mpaka 13 Meyi 2022, muidyetse pulogalamu yanu ngati ikuchitika lero. Lembani nthawi yomwe chenjezo lililonse latuluka ndi mtengo womwe udalipo. Ngati foni yoyamba yalira mtengo utafika kale pa masenti 95, malire anu kapena nthawi yodikira n'zotalika. Kenaka idyetseni mitengo ya mwezi wabata. Foni ikaliranso pamenepo, malirewo ngothina. Bwerezani mayeso awiriwa nthawi iliyonse mukasintha gwero kapena malire, ndipo kamodzi pamwezi tumizani chenjezo loyesera usiku kuti muone ngati foni ya woyankha imaliradi.