Kuwerenga Masiku pa Kalenda

Onani kalenda iyi. Ndi ya mwezi wa Julai caka ca 2025.

| Mande | Ciwiri | Citatu | Cinai | Cisanu | Ciweru | Sondo |
|---|---|---|---|---|---|---|
| | 1 | 2 | 3 | 4 | 5 | 6 |
| 7 | 8 | 9 | 10 | 11 | 12 | 13 |
| 14 | 15 | 16 | 17 | 18 | 19 | 20 |
| 21 | 22 | 23 | 24 | 25 | 26 | 27 |
| 28 | 29 | 30 | 31 | | | |

Kambiranani awiriawiri. Kodi mweziwu unayamba pa tsiku lanji? Nanga unatha pa tsiku lanji?

Cala cilumphe

Tiyerekeze kuti lero ndi pa 2 Julai. Aphunzitsi anena kuti mudzalemba mayeso pa 9 Julai. Kodi kwatsala masiku angati?

Ikani cala canu pa 2. Musayambe kuwerenga ai, cifukwa cala cikali pa tsiku la lero. Tsopano lumphani kupita pa 3 ndipo nenani kuti, “Limodzi.” Lumphaninso kupita pa 4 ndipo nenani kuti, “Awiri.” Pitirizani kulumpha mpaka mufike pa 9. Cala calumpha kangati? Calumpha ka 7. Ndiye kuti kwatsala masiku 7.

Mungapezenso yankho limeneli mwa kucotsa. Tengani deti yaikulu, mucotsemo yaing'ono.

9 - 2 = 7

Ana ambiri amapeza 8. Amangoika cala pa 2 n'kunena kuti, “Limodzi,” cala cisanalumphe n'komwe. Pali njira yodziwira ngati mwalakwitsa. Mlungu uli ndi masiku 7. Pa 2 Julai ndi pa Citatu, pa 9 Julai ndi pa Citatunso. Kucokera pa Citatu kufika pa Citatu cina, masiku ndi 7 basi.

Koma nthawi zina 8 ndilo yankho lolondola. Mvetserani bwino funso ili. Mwana anathirira dimba tsiku ndi tsiku, kuyambira pa 2 Julai mpaka pa 9 Julai. Kodi anathirira masiku angati? Pa 2 anathirira. Pa 9 anathiriranso. Apa tsiku loyamba tiliwerenga, cifukwa nalonso anagwira nchito. Yankho ndi masiku 8.

Tambasulani dzanja lanu. Zala ziripo 5, koma mipata ya pakati pa zala iripo 4. Masiku a kuthirira ali ngati zala. Masiku a kuyembekezera mayeso ali ngati mipata. Musanayankhe, dzifunseni kuti, “Kodi tsiku loyamba ndiliwerenge kapena ai?”

Mwezi ukatha panjira

Amalume ananyamuka kupita ku Lusaka pa 27 Juni. Anabwerako pa 4 Julai. Kodi panapita masiku angati?

Apa kucotsa kokha sikuthandiza. Simungacotse 27 mu 4. Tidule ulendo wathu pawiri. Coyamba tifike kumapeto a Juni. Juni ali ndi masiku 30.

30 - 27 = 3

Tsopano tiwonjezere masiku a mu Julai. Aripo 4.

3 + 4 = 7

Panapita masiku 7. Amalume ananyamuka pa Cisanu ndipo anabwerako pa Cisanu.

Amene waiwala kuti Juni ali ndi masiku 30 adzalemba 31, ndipo yankho lake lidzakhala 8. Kuti musaiwale, pindani nkhonya. Gwirani fupa lotukuka la cala colozera n'kunena kuti Januwale. Tsikirani m'kadzenje n'kunena kuti Febuluwale. Pitirizani conco. Mukafika pa Julai mafupa atha, ndiye bwererani pa fupa loyamba n'kunena kuti Ogasiti. Mwezi umene wagwera pa fupa uli ndi masiku 31. Umene wagwera m'kadzenje uli ndi masiku 30. Febuluwale yekha ndiye wamfupi. Ali ndi masiku 28, koma pa zaka zinai ziri zonse amakhala ndi 29, monga mu 2024 ndi mu 2028.

Masiku a nchito

Werengani nkhani iyi.

Ambuya ena amakhala kumudzi, kutali ndi tauni ya Chipata. Pa Cinai, pa 3 Julai, anakwera basi kupita ku ofesi ina kukalembetsa pepala. Akalaliki anawauza kuti, “Amama, pepala lanu lidzakhala lokonzeka pakapita masiku a nchito 5. Tiyamba kuwerenga mawa.”

Madzulo ambuya anafika kunyumba. Anaitana mdzukulu wao wa mu Giredi 3.

“Iwe mdzukulu wanga, tabwera kuno. Lero ndi pa 3. Ndikaikapo 5 zikhala 8. Ndiye ndidzapita pa 8, si conco?”

Mwana uja anayang'ana kalenda ya pa cipupa. “Ambuya, dikirani pang'ono. Kodi anati masiku cabe, kapena masiku a nchito?”

“Anati masiku a nchito. Nanga pali kusiyana?”

“Inde, ambuya. Pa Ciweru ndi pa Sondo ofesi imakhala yotseka. Onaninso apa. Pa 7 ndi pa 8 alemba ndi inki yofiira. Amenewa ndi maholide.”

Ambuya anagwira pakamwa. “Mayo ine! Ndalama ya basi ikanangopita pacabe. Tawerenga ndiwe, ndione.”

Mwana uja anatenga pensulo. Pa 3 sanawerengepo. Pa Cisanu pa 4 anaconga n'kunena kuti, “Limodzi.” Pa 5 ndi pa 6 analumpha. Pa 7 ndi pa 8 analumphanso. Pa Citatu pa 9 anati, “Awiri.” Pa 10 anati, “Atatu.” Pa 11 anati, “Anai.” Apo anapezanso Ciweru ndi Sondo, nalumpha. Pa Mande pa 14 anaconga n'kunena kuti, “Asanu! Ambuya, mudzapite pa 14.”

Ambuya anadabwa. “Masiku 5 afika kutali conco?”

Nanu mwina mwadabwa. Tiyeni tione ngati mwanayo anakhoza. Kucokera pa 3 kufika pa 14 pali masiku onse awa:

14 - 3 = 11

Mwa masiku 11 amenewa, ena ndi a kumapeto a mlungu. Ndi pa 5, pa 6, pa 12 ndi pa 13. Aripo 4. Ticotse.

11 - 4 = 7

Maholide aripo 2. Ticotsenso.

7 - 2 = 5

Atsala masiku a nchito 5. Mwanayo anakhoza. Njira yolumpha ndi njira yocotsa zapatsa yankho limodzi. Mukapeza mayankho osiyana, bwerezani, penapake mwaiwala tsiku.

Masiku a nchito ndi Mande, Ciwiri, Citatu, Cinai ndi Cisanu, ngati palibe holide. Ndi masiku omwewo amene inu mumabwera kusukulu. Sikuti pa Ciweru anthu onse amangokhala ai. Anamwino ndi apolisi amagwira nchito ngakhale pa Sondo. Amai a pa msika amagulitsa, alimi amapita kumunda. Mau akuti “masiku a nchito” amanena za masiku amene maofesi ambiri amakhala otsegula. Malo ena amatsegula pa Ciweru m'mawa, conco si kulakwa kufunsa kuti, “Kodi Ciweru muwerenga?”

Maholide amene amasuntha

Nanga maholide aja anali a ciani? Muno mu Zambia, Mande yoyamba ya Julai ndi Tsiku la Ngwazi. Tsiku lotsatira, pa Ciwiri, ndi Tsiku la Umodzi. Mu 2025 anagwera pa 7 ndi pa 8 Julai. Caka cina deti imasintha, koma nthawi zonse ndi pa Mande ndi pa Ciwiri. Tsiku la Alimi nalonso limatero. Limakhala pa Mande yoyamba ya Ogasiti.

Maholide ena deti yao sisintha. Tsiku la Ufulu limakhala pa 24 Okutobala caka ciri conse, cifukwa dziko lathu linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. Cimene cimasintha ndi tsiku la mlungu. Mu 2024 linali pa Cinai. Mu 2025 linali pa Cisanu. N'cifukwa cace kalenda ya caka catha singakuthandizeni kuwerenga masiku a caka cino, ngakhale ikhale ndi cithunzi cokongola.

Cenjerani ndi holide imene yagwera pa Ciweru. Tsiku la Mapemphero la dziko lonse limakhala pa 18 Okutobala. Mu 2025 linali pa Ciweru. Ciweru tacicotsa kale pamodzi ndi Sondo. Mukalicotsanso monga holide, mwacotsa tsiku limodzi kawiri, ndipo yankho lanu lidzacepa ndi 1. Mlungu umenewo masiku a nchito anali 5, osati 4.

Holide ikagwera pa Sondo nkhani imasiyana. Anthu amapumula pa Mande yotsatira. Tsiku la Ufulu wa Afirika limakhala pa 25 Mei, ndipo mu 2025 linali pa Sondo. Tsiku loyenera kulumpha powerenga ndi Mande, pa 26 Mei. Mlungu umene unayamba pa 26 Mei unali ndi masiku a nchito 4.

Nchito

Jambulani kalenda ya Julai 2025 m'mabuku mwanu. Pakani utoto umodzi pa Ciweru ndi pa Sondo ponse. Pakani utoto wina pa maholide. Mukatha, yankhani mafunso awa.

1. Lero ndi pa 10 Julai. Mpira udzaseweredwa pa 25 Julai. Kwatsala masiku angati?
2. Mwana anamwa mankhwala tsiku ndi tsiku kuyambira pa 15 mpaka pa 19 Julai. Anamwa masiku angati? Kodi tsiku loyamba mwaliwerenga? Cifukwa ninji?
3. Nkhuku inayamba kufungatira mazira pa 20 Julai. Anapiye amaswa pakapita masiku 21. Adzaswa pa deti yanji, m'mwezi wanji?
4. Ambuya akanapita pa 8 Julai, akanapeza ciani ku ofesi?
5. Tiyerekeze kuti ambuya anauzidwa masiku a nchito 3. Akanapita pa deti yanji?
6. Mwezi wonse wa Julai 2025 unali ndi masiku a nchito angati? Pezani yankho mwa kulumpha, kenaka mwa kucotsa.

Kunyumba, pezani kalenda ya caka cino. Funsani makolo anu akuonetseni holide imene ikubwera. Lembani deti yake ndi tsiku lake. Werengani masiku a sukulu amene atsala holideyo isanafike, ndipo mawa mudzauze anzanu m'kalasi.